Ufa woyera wopanda dzina: mmene akatswiri a kemisitiri amaululira molekyulu yobisika

Pa tebulo la m'labotale pali kabotolo ka ufa woyera, wonunkhira bwino, koma chipepala cha dzina lake chinamatuka kalekale. Mwini wake akufuna kudziwa kuti ufawo ndi chiyani. Kuyang'ana sikungathandize, chifukwa mankhwala oyera ngati amenewa alipo masauzande. Mayikulosikopu ya kuchipatala imaona tizilombo ta malungo m'magazi, koma molekyulu ndi yaying'ono kwambiri moti singaioneko n'komwe. Komabe katswiri wa kemisitiri amatha kujambula papepala mmene atomu iliyonse yakhalira m'molekyuluyo, iyi yagwirana ndi iyi, popanda kuiona ndi maso.

Kale ntchito imeneyi inkadya moyo wonse wa munthu. Kwinini, mankhwala a malungo aja, anapatulidwa m'makungwa a mtengo mu 1820 ndi Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, koma kamangidwe ka molekyulu yake kanadziwika bwino mu 1908 pa ntchito ya Paul Rabe. Masiku ano molekyulu yaying'ono imaululika tsiku lomwelo, chifukwa pali makina amene amaifunsa mafunso n'kulemba mayankho ake monga mizere yokwera ndi kutsika. Mzere wotere umatchedwa sipekitiramu, ndipo pamene wakwera kapena kutsika mwadzidzidzi timati pali nsonga.

Makinawo sanena dzina la mankhwala. Iliyonse imangonena zochepa zimene yaona, monga mboni pa bwalo la amfumu: wina anaona nkhope koma sanamve mawu, wina anamva mawu koma kunali mdima. Woweruza wabwino sagamula atamva mboni imodzi, ndipo asanayambe n'komwe kumva mbonizo amakhala ndi chowerengera chake choyezera ngati zimene zikunenedwa zingatheke. M'kemisitiri chowerengera chimenecho ndi kasamu kakang'ono kamene mwana wa Fomu 2 angakachite pamtima. Ine ndimakhulupirira kuti kasamu kameneka ndi kamene kamasiyanitsa munthu wothetsa funso ndi munthu wongoganizira, ndipo tikatsata ufa wathu woyerawu mpaka kumapeto muona chifukwa chake.

Kuyeza kulemera

Makina oyamba, amene pa sikirini amalembedwa MS, amayeza kulemera kwa molekyulu. Amasandutsa kachidutswa ka ufawo kukhala mpweya, n'kukawomba ndi maelekitironi. Mamolekyulu ena amangotaya elekitironi imodzi n'kukhalabe athunthu, ena amasweka. Zonsezo zimasanjidwa molingana ndi kulemera kwake. Nsonga ya molekyulu yathunthu pa ufa wathu ili pa 150.

Nambala imeneyi yanena kale zinthu ziwiri. Ndi nambala yogawika ndi 2, ndipo molekyulu yokhala ndi naitirojeni mmodzi kapena atatu imalemera nambala yosagawika ndi 2. Choncho naitirojeni mulibe, kapena alimo awiri. Ndiponso pa 152 palibe nsonga yaikulu. Mukanakhala kolorini, pa 152 pakanaima nsonga yotalika gawo limodzi mwa magawo atatu a ya pa 150. Mukanakhala buromini, ziwirizo zikanatalika pafupifupi mofanana. Pa 151 pali kansonga kotalika pafupifupi 10 pa 100 ya yaikuluyo. Kameneka kamabwera chifukwa pa makaboni 100 alionse m'chilengedwe, pafupifupi 1.1 amakhala olemerako pang'ono. Mukagawa 10 ndi 1.1 mupeza 9, ndiye kuti makaboni ali pafupi ndi 9.

Kuti titsimikize, timawotcha kaufa pang'ono n'kuyeza mpweya ndi madzi zimene zatuluka. Zotsatira zake ndi kaboni 72.0 pa 100 ndi haidirojeni 6.7 pa 100, ndipo 21.3 yotsalayo ndi okisijeni. Tikagawa iliyonse ndi kulemera kwa atomu yake, 12, 1 ndi 16, tipeza 6.0, 6.7 ndi 1.33. Zimenezi zimafanana ndi 9 kwa 10 kwa 2. Fomula ndi C9H10O2, ndipo kulemera kwake, 108 kuphatikiza 10 kuphatikiza 32, ndi 150 ndendende. Makina apamwamba oyeza mpaka m'madesimali amafika pomwepa mwachidule: C9H10O2 imalemera 150.068, pamene C10H14O imalemera 150.104 ndipo C8H6O3 imalemera 150.032.

Fomula tili nayo, koma si dzina. Maatomu 21 amenewa angalumikizane m'njira zambirimbiri, ndipo njira iliyonse ndi mankhwala ena, a fungo lina ndi ntchito ina.

Mahaidirojeni amene akusowa

Kaboni aliyense amapanga zilumikizo zinayi. Makaboni akandandalikana mumzere, aliyense atagwira mnzake ndi chilumikizo chimodzi, malo onse otsala amadzazidwa ndi haidirojeni. Mzere wotere umanyamula mahaidirojeni owirikiza kawiri chiwerengero cha makaboni, kuwonjezerapo awiri a kumapeto. Gasi wophikira wa m'masilinda ndi wotero: C3H8 ndi C4H10. Molekyulu yotere ndi yokhuta, singalandirenso haidirojeni wina.

Tsopano makaboni awiri akagwirana pawiri, aliyense wataya malo amodzi, ndipo mahaidirojeni awiri achoka. C2H6 ndi yokhuta, koma C2H4, mpweya umene umapsetsa nthochi, ili ndi chilumikizo chapawiri. C2H2, mpweya wa owotcherera zitsulo, ili ndi chilumikizo chapatatu, ndipo yataya anayi. Mzere ukapindika n'kugwirana kumapeto, kukhala mphete, mahaidirojeni awiri a kumapeto aja amachokanso. Choncho mahaidirojeni awiri alionse amene akusowa akuimira chinthu chimodzi: mphete, kapena chilumikizo chowonjezera. Chiwerengero cha zinthu zimenezi ndicho timatcha kuperewera kwa molekyulu, ndipo m'mabuku ndi m'mapulogalamu mudzachiona chitalembedwa DBE.

```
DBE = (2C + 2 + N - H - X) / 2
```

Zilembozo zikuimira kuchuluka kwa maatomu a mtundu uliwonse. X ndi kolorini, buromini ndi anzawo, amene amakhala pamalo pa haidirojeni, motero amawerengedwa ngati iye. Naitirojeni amapanga zilumikizo zitatu, ndiye amabweretsa malo amodzi owonjezera. Okisijeni mulibe m'samuyi, ndipo ambiri amadabwa nazo. Chifukwa chake n'chakuti okisijeni amapanga zilumikizo ziwiri zokha: amalowa pakati pa maatomu awiri, kugwira uku ndi uku, osasintha chiwerengero cha haidirojeni. Mowa wa m'kachasu ndi C2H6O, ndipo uli ndi mahaidirojeni 6 omwewo a C2H6.

Pa ufa wathu, makaboni 9 akanakhuta akananyamula mahaidirojeni 20. Alipo 10. Akusowa 10, ndipo tikagawa pawiri tipeza 5.

Nambala 5 pa molekyulu yaying'ono chonchi ndi yaikulu, ndipo imakumbutsa chinthu chimodzi. Benzini, C6H6, ndi mphete ya makaboni 6 imene August Kekulé anaijambula mu 1865 yokhala ndi zilumikizo zitatu zapawiri. Mphete imodzi ndi zilumikizo zitatuzo zimadya 4 nthawi imodzi. N'chifukwa chake katswiri akaona 4 kapena kupitirira, pamene makaboni ndi ochepera 10 kapena 12, amayamba wakayikira mphete ya benzini. Ngati ilimo, yatsala 1 yoti tiipezere malo.

Apa m'pofunika kudekha. Nambala 5 sikunena kuti yachisanuyo ndi chiyani. Chikonga cha mu fodya wa alimi athu ndi C10H14N2, ndipo mukachita samuyi mupeza 5 yomweyo. Koma mwa icho 4 ndi ya mphete yofanana ndi benzini yokhala ndi naitirojeni, ndipo yachisanu ndi mphete ina yachiwiri. Mu ufa wathu yachisanu ikhoza kukhala mphete, kapena C=C, kapena C=O. Samuyi yangotipatsa malire. Chilichonse chimene tijambule chiyenera kukwana 5, osati 4 kapena 6.

Kuwala kumene zilumikizo zimamwa

Makina achiwiri, IR, amadutsitsa mu ufawo kuwala kosaoneka ndi maso, kumene khungu limakumva ngati kutentha. Chilumikizo chilichonse chimanjenjemera pa liwiro lake, ndipo chimamwa kuwala kogwirizana ndi liwirolo. Manambala ake amayambira pa 4000 kutsika mpaka cha m'ma 400 cm⁻¹. Sipekitiramu ya IR imakhala ndi nsonga zambiri, ndipo wophunzira watsopano amafuna kutanthauzira iliyonse. Ndi kutaya nthawi. Mafunso ofunika ndi ochepa.

Loyamba: kodi pali chigwa chotakata cha m'ma 3300? Chimenecho ndi chizindikiro cha O–H. Pa ufa wathu palibe, choncho si mowa ndipo si asidi. Kusowa kwa nsonga ndi umboni wolemera mofanana ndi kupezeka kwake. Lachiwiri: kodi pali nsonga yamphamvu pakati pa 1650 ndi 1800? Ilipo, yakuthwa, cha pa 1675. Ameneyo ndi C=O, ndipo yachisanu ija yapeza malo. Nsonga za pa 1600 ndi 1510 ndi za mphete ya benzini, ndipo yamphamvu ya cha pa 1260 ndi ya C–O, kumene okisijeni wachiwiri akuoneka kuti ali.

Malo enieni a C=O akunenanso zina. Ketoni wamba, amene C=O wake wagwira makaboni wamba uku ndi uku, amaima cha pa 1715. Esita, imene C=O wake wagwira okisijeni wina, imakwera cha pa 1740. C=O akagwirana mwachindunji ndi mphete ya benzini, maelekitironi amagawanidwa, chilumikizo chimafookako, ndipo nambala imatsika ndi 20 kapena 30. Pa 1675 ndi potsika kwambiri kwa esita iliyonse wamba, koma pakuyenera ketoni wokhala pa mphete. Tikulemba zimenezi ngati zongoganizira kaye. Pali kansonga kena cha pa 2840 kamene kangasokeretse munthu, chifukwa alidehaidi imaonetsa tinsonga tiwiri chapafupi, cha pa 2820 ndi 2720. Pano ka pa 2720 palibe, ndipo makina otsatira adzathetsa nkhaniyi.

Kuwerenga makaboni

Makina a NMR ndi maginito amphamvu kwambiri. Maziko ake anapezedwa mu 1946 ndi magulu a Felix Bloch ndi Edward Purcell ku Amereka, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1952. Ufa wochepa umasungunulidwa m'madzi apadera olembedwa CDCl3, n'kuthiridwa m'kachubu kagalasi konenepa mamilimita 5. M'kati mwa maginito, mitima ya maatomu ena imayankha mafunde a wailesi, ndipo malo amene iliyonse imayankhira amadalira kuchuluka kwa maelekitironi oizungulira. Atomu yoyandikana ndi okisijeni, amene amakoka maelekitironi, imaonekera pa nambala yapamwamba. Muyeso wake ndi ppm.

Tiyambe ndi makaboni. Nsonga zawo zili pa 196.8, 163.5, 130.6, 130.3, 113.7, 55.5 ndi 26.3. Tinsonga titatu ta pa 77 ndi ta madzi osungunulira aja, sitiwerengedwa. Ziwiri za pa 130 zayandikana kwambiri moti wothamanga angaziwerenge ngati imodzi, choncho pamafunika kukuza chithunzicho. Nsonga zilipo 7, makaboni ndi 9. Ndiye kuti makaboni ena ndi mapasa, akhala pamalo ofanana m'molekyulu, ndipo akuyankha pamodzi.

Nsonga ya pa 196.8 ndi yosakayikitsa. Pamwamba pa 190 pamakhala C=O wa ketoni kapena alidehaidi basi. Ya pa 55.5 ndi kaboni wogwira okisijeni ndi chilumikizo chimodzi, ndipo ya pa 26.3 ndi kaboni wamba. Zovuta zili pa 163.5. Tebulo lililonse la m'buku limati pakati pa 160 ndi 185 pamakhala C=O wa esita kapena asidi, ndipo wophunzira amene wadalira tebulo amalemba mosangalala kuti wapeza C=O wachiwiri. Okisijeni alipo awiri, ndiye bwanji osatero?

Apa ndi pamene kasamu kaja kamabweza malipiro ake. Mphete ya benzini yadya 4, C=O woyamba wadya 1, ndipo 5 yatha. C=O wachiwiri angafikitse pa 6, zimene fomula sikulola. Kuwerenga makaboni kukunenanso zomwezo: ma C=O awiri ndi makaboni awiri a pa 55.5 ndi 26.3 ndi anayi, otsala ndi asanu, ndipo mphete ya benzini imafuna 6. Choncho 163.5 si C=O. Ndi kaboni wa pa mphete amene wagwira okisijeni. Okisijeniyo wamukoka kuchoka cha pa 128, pamene makaboni a benzini amakhala, kufika pamwambapo. Tebulo silinanama, koma magawo ake amalowana, ndipo chimene chatiuza gawo loyenera ndi chiwerengero cha kuperewera.

Mphete tsopano ili ndi nsonga zinayi pa makaboni 6: 163.5, 130.6, 130.3 ndi 113.7. Kuyesa kwina kotchedwa DEPT kumabisa makaboni opanda haidirojeni, ndipo pamenepo 196.8, 163.5 ndi 130.3 zimazimirira. Makaboni awiri a pa mphete alibe haidirojeni, kutanthauza kuti pamphetepo pamera nthambi ziwiri. Anayi otsala agawikana awiriawiri. Zimenezi zimachitika nthambi ziwiri zosiyana zikakhala moyang'anizana, ina pa kaboni woyamba ina pa wachinayi, malo amene amatchedwa para. Zikanakhala moyandikana, kapena zitalumpha kaboni mmodzi, makaboni onse 6 akanasiyana ndipo tikanaona nsonga 9.

Kuwerenga mahaidirojeni

Sipekitiramu ya haidirojeni ndi yaukhondo. Kupatula kansonga ka madzi osungunulira pa 7.26, ndi kena ka chinyezi kamene kamakonda kuoneka cha pa 1.56, pali magulu anayi: pa 7.93, pa 6.93, pa 3.87 ndi pa 2.55. Makina amayeza kukula kwa gulu lililonse, ndipo apereka 2 kwa 2 kwa 3 kwa 3. Kuphatikiza ndi 10, chimodzimodzi fomula. Kuphatikiza kumeneku musamakudumphe. Makina amangopereka kufananitsa, ndipo ndi fomula imene imanena ngati manambalawo ndi enieni kapena afunika kuwirikiza. Pakati pa 9 ndi 10 palibe kanthu, choncho alidehaidi yachoka pamndandanda; kansonga ka IR ka pa 2840 kanali ka OCH3.

Haidirojeni amamvanso anansi ake. Akakhala ndi haidirojeni mmodzi pa kaboni woyandikana, nsonga yake imagawika pawiri. Akakhala ndi awiri imagawika patatu. Akakhala alibe imaima yokha. Magulu a pa 3.87 ndi 2.55 ndi nsonga zosagawika za mahaidirojeni atatuatatu, ndiye kuti ndi ma CH3 awiri, aliyense wopanda mnansi. Mu molekyuluyi mulibe CH2CH3, amene akanaonetsa nsonga yapatatu ndi yapanayi. Magulu a pa 7.93 ndi 6.93 ali m'dera la mphete ya benzini, lililonse lagawika pawiri, ndipo mpata wa kugawikako ndi pafupifupi 9 Hz pa onse awiri. Mpata wofananawo ukusonyeza kuti akumvana okhaokha, ndipo kukula kwake ndi kwa mahaidirojeni oyandikana pa mphete. Zimenezi zikutsimikizira za para zija kuchokera ku mbali ina.

Zidutswa zonse zili m'manja: mphete C6H4 ya nthambi ziwiri, C=O mmodzi, okisijeni mmodzi, ndi ma CH3 awiri. Makaboni 6, 1 ndi 2 akwana 9. Mahaidirojeni 4 ndi 6 akwana 10. Okisijeni awiri. Kuperewera 5. Palibe chotsala, palibe chosowa.

Zidutswa zomwezo, mankhwala atatu

Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa chimwemwe chopeza zidutswa chimawachititsa kujambula chithunzi choyamba chimene chabwera m'mutu. Koma zidutswazi zingamangidwe m'njira zitatu zomveka, ndipo zonse zitatu ndi mankhwala enieni ogulitsidwa m'mabotolo.

```
A   CH3O-C6H4-CO-CH3
B   CH3-C6H4-CO-OCH3
C   CH3-C6H4-O-CO-CH3
```

Onse ndi C9H10O2, onse amalemera 150, onse ali ndi kuperewera 5, nsonga 7 za kaboni, nsonga ziwiri zapawiri ndi ziwiri zosagawika. Ntchito yotsala ndi kutenga aliyense, kulosera zimene akanaonetsa, n'kuyerekeza ndi zimene zili papepala.

C amachoka msanga. Ma CH3 ake onse awiri agwira kaboni, choncho amaonekera moyandikana cha pa 2.3, ndipo pa 3.87 sipakanakhala kanthu. IR yake imakwera cha pa 1760. Sakugwirizana.

B ndi amene amavuta, ndipo ndi woyenera kumuopa. Mahaidirojeni ake ali pa 7.93, 7.23, 3.90 ndi 2.40. Ikani manambalawa pambali pa athu, 7.93, 6.93, 3.87 ndi 2.55, muone mmene akufananira. Munthu wokhala ndi sipekitiramu ya haidirojeni yokha, wothamanga, angasankhe B popanda kukayika. Kusiyana kuli pa gulu lachiwiri. Mahaidirojeni a benzini yeniyeni amakhala cha pa 7.3. Okisijeni akagwira mphete mwachindunji amakankhira maelekitironi ake m'mphetemo, makamaka pa makaboni oyandikana naye, ndipo mahaidirojeni a pamenepo amatsika kufika cha pa 6.9. CH3 alibe mphamvu yotere, n'chifukwa chake a B angotsika pang'ono, kufika pa 7.23. Kaboni wathu wa pa 113.7 akunena nkhani yomweyo: mwa B makaboni onse a CH a pa mphete ali cha pa 129. Ndipo C=O wa B ndi wa esita, amene amaima cha pa 167 pa kaboni ndi cha pa 1720 pa IR. Ife tili ndi 196.8 ndi 1675.

Tibwererenso ku makina oyamba, kumene tinasiya zidutswa zosweka. Molekyulu yokhala ndi C=O pa mphete imakonda kuthyoka pafupi ndi C=O yo, n'kutaya chimene chili mbali ina. Pa ufa wathu nsonga yayitali koposa ili pa 135. Kuchoka pa 150 kufika pa 135 ndi 15, kulemera kwa CH3. Kenaka pali 107, kusiyana kwa 28, kumene ndi CO akuchoka. B akanataya OCH3, wolemera 31, ndipo nsonga yake yayitali ili pa 119, yotsatiridwa ndi 91. C amataya 42 n'kuonetsa 108. Mwa atatuwa, A yekha ndi amene ali ndi CH3 pa C=O wogwira mphete.

Ufa wathu ndi A, metokisi-asetofenoni ya para, mankhwala amene amathiridwa m'mafuta onunkhira. Wofuna kuona masipekitiramu ake enieni angalembe 4-methoxyacetophenone m'nkhokwe yaulere ya SDBS, imene imasungidwa ndi bungwe la AIST ku Japan. Chomaliza m'labotale ndi kuyerekeza ndi mankhwala enieni a dzina lodziwika. Kutentha kumene ufawu umasungunukira, cha pa madigiri 38, kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa B amasungunuka cha pa 33 kapena 34, ndipo ufa wosayera bwino umasungunuka msanga. M'chigwa cha Shire mwezi wa Novembala onse awiri mungawapeze atasanduka kale madzi m'botolo.

Pamene njirayi imafooka

Zonse zimene tachitazi zaima pa zinthu ziwiri: kuti ufawo ndi mtundu umodzi, ndi kuti fomula ndi yolondola. Ufa ukakhala wosakanizika, chizindikiro chimaoneka pa kukula kwa magulu a haidirojeni, kumene kumakana kukwana manambala athunthu, ndiponso makaboni amachuluka kuposa a m'fomula. Mankhwala ake si kulimbana ndi pepala koma kubwerera kukayeretsa ufawo.

Fomula yolakwika imayamba kawirikawiri ndi kulakwitsa nsonga ya molekyulu yathunthu. Mamolekyulu ena, makamaka a m'gulu la mowa, amasweka onse, ndipo munthu amatenga chidutswa ngati chathunthu. Apanso kasamu kaja kamachenjeza. Wina akanatenga 135 ngati kulemera kwa ufa wathu, akanapeza C8H7O2, ndipo kuperewera kwake ndi 5.5. Molekyulu yathunthu yamtunduwu singakhale ndi theka. Theka likatuluka, mwagwira chidutswa, kapena mwaiwala naitirojeni kapena kolorini.

Samuyi ilinso ndi malire ake. Imaganiza kuti salufa amapanga zilumikizo ziwiri ngati okisijeni, choncho S=O samawerengedwa: C2H6OS, madzi osungunulira otchuka a DMSO, imapereka 0 ngakhale imajambulidwa ndi chilumikizo chapawiri. Fosiforasi amavutanso chimodzimodzi. Ndipo molekyulu ikakula ngati kwinini, C20H24N2O2, imene kuperewera kwake ndi 10, nsonga zimaunjikana ndipo pamafunika NMR ya mbali ziwiri, monga HMBC, imene imasonyeza haidirojeni uti ali pafupi ndi kaboni uti. Pa ufa wathu ikanaonetsa 2.55 akugwirizana ndi 196.8, ndi 3.87 akugwirizana ndi 163.5. Palinso chimene makina onsewa pa okha saona: mamolekyulu awiri amene wina ndi chithunzi cha mnzake cha m'kalirole amapereka masipekitiramu ofanana, ngakhale m'thupi la munthu angagwire ntchito zosiyana kotheratu.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, tengani pensulo muyese funso ili. Fomula ndi C9H10O2 yomweyo, koma mankhwala ake ndi amadzimadzi, amene amapezeka m'fungo la maluwa a jasimini. IR ili ndi nsonga yamphamvu pa 1740, yopanda O–H. Mahaidirojeni ali pa 7.35 asanu, pa 5.10 awiri osagawika, ndi pa 2.10 atatu osagawika. Zidutswa za MS zili pa 108, 91 ndi 43. Yambani ndi 5 uja, mumupezere malo, mulembe zidutswa ndi kuziphatikiza. Mukajambula yankho, sinthani mbali imene okisijeni wa esita wagwira, mujambule lachiwiri, ndipo mufunse kuti mwa awiriwo ndi uti amene CH2 wake angaonekere pa 5.10 ndi CH3 wake pa 2.10.